Madzi Obisala Kuseri kwa Khoma

Pa 30 Epulo 2014, mvula yamphamvu itavumba usiku ndi usana, anthu okhala mumsewu wa East 26th Street mumzinda wa Baltimore ku America anaona magalimoto awo, omwe anawaimika m'mbali mwa msewu, akupendekeka pang'onopang'ono. Msewuwo uli pamtunda, njanji ili kunsi kwake, ndipo pakati pa ziwirizi panali khoma lamiyala la zaka zoposa 100 lomwe linkagwira dothi. Wina anatulutsa foni n'kuyamba kujambula. Kanemayo amaonetsa mitengo, mapolo a magetsi, magalimoto ndi chigawo cha msewu zikutsetsereka nthawi imodzi n'kukakwirira njanji. Mwamwayi palibe amene anavulala. Komabe anthu a m'deralo anali atadandaula kwa zaka zambiri kuti msewu ukutitimira ndipo ukung'aluka motsata khomalo.

Makoma a mtundu umenewu si a ku America kokha. Ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Zomba ndi m'mapiri a Mzuzu, wogula puloti pamalo otsetsereka amayamba ndi kusema mtunda kuti apeze poyala maziko. Kumbuyo kwa nyumba kumatsala chiphedi cha dothi chotalika mita imodzi, awiri, mwina atatu, ndipo pamwamba pa chiphedicho pali bwalo la mnzake. Bilidala akaitanidwa amamanga khoma lotchinga dothilo monga amamangira fensi: njerwa, simenti, pulasitala wosalala. Chilimwe chonse limaoneka bwino. Likafika Januwale kapena Febuluwale, limayamba kutuluka mimba.

Dothi limakankha, koma mochepa

Fensi imangonyamula kulemera kwake ndi kulimbana ndi mphepo. Khoma lotchinga dothi limakankhidwa cham'mbali usana ndi usiku, chifukwa dothi loduliridwa chilili limafuna kugumuka kuti lipeze potsetsereka pomwe lingakhazikike lokha. Msilikali womanga malinga wa ku France, Charles-Augustin de Coulomb, anafotokoza masamu a kukankhaku m'zolemba zomwe zinasindikizidwa mu 1776, ndipo William Rankine wa ku Scotland anabweretsa njira ina mu 1857. Mainjiniya akugwiritsabe ntchito njira ziwirizi mpaka lero.

Mfundo yake ndi yosavuta. Timibulu ta dothi timakhulana n'kugwirana tokhatokha, choncho si kulemera konse kwa dothi komwe kumafika pakhoma. Pa dothi lamchenga wamba, kukankha kwa cham'mbali kumakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kopsinja pansi. Kukankhako n'kochepa pamwamba ndipo kumakula ukamatsika, moti mphamvu yonse ukaiphatikiza imakhala ngati ikugunda khoma pa gawo limodzi mwa atatu a msinkhu wake kuchokera pansi. N'chifukwa chake mimba ya khoma imatulukira cham'munsi, osati kunsonga.

Titenge khoma la mamita 2 m'litali kupita m'mwamba, ndipo tiyang'ane mita imodzi yokha ya utali wake. Dothi lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse limalemera makilogalamu pafupifupi 1,800. Masamu ake ali motere: ½ × ⅓ × 1,800 × 2 × 2 = 1,200. Ndiye kuti mita iliyonse ya khomalo ikukankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu 1,200, kapena kuti matumba 24 a simenti.

Msinkhu wa khoma walowa kawiri m'masamuwa, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Khoma likatalika kawiri, kukankha sikuwonjezeka kawiri ayi, kumawonjezeka kanayi. Ndipo popeza mphamvuyo ikugundanso pamalo okwera kawiri, kufuna kugubuduza khoma kumawonjezeka kasanu ndi katatu. Mwini puloti amene awonjezera mizere ingapo ya njerwa pa khoma lakale n'kuthira dothi lina kuseri kwake kuti bwalo likule, amakhala atasintha khomalo kukhala lina lomwe maziko ake sanamangidwire.

Kugubuduka ndi kutsetsereka

Munthu akamakankha kabati yolemera m'nyumba, chimodzi mwa ziwiri chimachitika. Pansi pakakhala poterera, kabatiyo imakhwekhwereka. Miyendo yake ikakodwa, imapendekeka n'kugwa chafufumimba. Khoma nalonso limatero: limatsetsereka pa maziko ake kapena limagubuduka pozungulira pa m'mphepete mwa maziko mwa kutsogolo. Chomwe chimaliteteza ku zonse ziwiri ndi kulemera kwake ndi kutambalala kwa phazi lake.

Tiyerekeze kuti khoma lathu la mamita 2 lamangidwa ndi miyala ndi simenti, ndipo ndi lochindikala mita yathunthu. Likulemera makilogalamu pafupifupi 4,400 pa mita iliyonse. Kuti litsetsereke pamafunika kugonjetsa kukhulana kwa maziko ndi nthaka, komwe pa dothi labwino kumakhala pafupifupi theka la kulemera kwa khoma, ndiye kuti 2,200. Dothi likukankha ndi 1,200 yokha. Kumbali ya kugubuduka, mphamvu imachulukitsidwa ndi mtunda womwe ili kuchokera pozungulira paja. Dothi likupereka 1,200 kuchulukitsa ndi magawo awiri mwa atatu a mita, zomwe ndi 800. Khoma likuyankha ndi 4,400 kuchulukitsa ndi theka la mita, zomwe ndi 2,200. Mainjiniya amafuna kuti mphamvu yoteteza ipose yowononga kamodzi ndi theka pa kutsetsereka, ndipo mwina kawiri pa kugubuduka. Khoma ili lapambana mayeso onse awiri.

Nanga la njerwa lija, lochindikala masentimita 23? Limalemera makilogalamu osafika 900, ndipo phazi lake n'lopapatiza kotero kuti yankho lake pa 800 uja ndi 100 basi. Pamasamu siliyenera kuima ngakhale tsiku limodzi.

Koma limaima, nthawi zina kwa zaka, ndipo bilidala amaliloza monyadira. Chinsinsi chake chili m'dothi. Katondo akauma amagwirana yekha moti chiphedi chosemedwa chimatha kuima chilili popanda chochigwira, monga zimaonekera m'maenje ofukula dothi loumbira njerwa. M'chilimwe khoma lotere silikugwira kanthu, langovala chiphedi ngati chokongoletsa. Katondoyo akakhuta madzi kugwirana kuja kumachepa, ndipo katundu yense amafika pakhoma lomwe silinamuyembekezere.

Madzi akalowa

Madzi alibe timibulu togwirana. Amakankha cham'mbali ndi mphamvu yofanana ndendende ndi yomwe akupsinjira pansi, popanda kuchotsera gawo lililonse. Ngakhale ndi opepuka kuposa dothi, makilogalamu 1,000 pa bokosi lija, pakhoma amavuta kuposa dothi.

Tibwerere ku khoma lathu lamiyala, koma tsopano mvula yagwa sabata yonse ndipo dothi la kuseri ladzaza madzi mpaka pamwamba. Madziwo paokha akukankha ndi ½ × 1,000 × 2 × 2 = 2,000. Dothi lomira limapepukako, choncho gawo lake latsika kufika pa 670 kapena chapompo. Pamodzi ndi pafupifupi 2,670, kuposa kawiri zomwe zinalipo m'chilimwe. Kufuna kugubuduza kwakwera kuchoka pa 800 kufika pafupifupi 1,800, ndipo khoma lili ndi 2,200, ndiye likanaima mopenekera. Koma kukhulana kwa pansi kunali 2,200 yokha, ndipo 2,670 yaposa pamenepo. Khoma lochindikala mita yathunthu, lomangidwa mosanyenga simenti, layamba kutsetsereka. Apa sitinawerengere n'komwe madzi olowa kunsi kwa maziko, omwe amanyamula khoma m'mwamba n'kufewetsa nthaka yomwe laponda.

Chodabwitsa kwambiri n'chakuti sipafunika madzi ochuluka. Kukankha kwa madzi kumadalira kuya kwake, osati kuchuluka kwake. Dzuwa la Okutobala likaumitsa makande kapena katondo, dothi limanyala n'kusiya mpata pakati pa ilo ndi khoma. Mpata wa sentimita imodzi, wozama mamita 2, umadzaza ndi malita 20 pa mita iliyonse ya khoma. Ndowa imodzi imeneyo ikukankha ndi makilogalamu 2,000 omwe aja, chimodzimodzi ngati kuseri kwa khoma kukanakhala dziwe. Mvula yoyamba yamkuntho ikathamangira mumpatamo, khoma likhoza kusuntha dothi lisananyowe n'komwe. Makande amawonjezera vuto lina: akanyowa amafufuma n'kukankha khoma, akauma amabwerera koma khoma silibwerera, timiyala ndi fumbi zimagwera mumpata, ndipo chaka chotsatira kukankha kumayambira pomwe kunalekezera.

Njira yotulukira madzi

Pali njira ziwiri zothanirana ndi vutoli. Yoyamba ndi kumanga khoma lalikulu kwambiri loti lipirire madzi ngati damu, ndipo ndalama zake n'zoti anthu wamba sangazikwanitse. Yachiwiri ndi kuwapatsa madzi potulukira. Dothi lonyowa koma losasunga madzi limakankha khoma lathu ndi makilogalamu 1,300 kapena kuposerapo pang'ono, kusiyana ndi 2,670. Kusiyana konseku kumagulidwa ndi mapaipi ochepa ndi kwale.

Zibowo zotulutsira madzi zimapangidwa poika zidutswa za paipi yapulasitiki, ya mamilimita 50 mpaka 100 m'mimba mwake, zobowoleza khoma pamene likumangidwa. Zimatalikirana mita imodzi kapena imodzi ndi theka, ndipo zimapendekera kunja pang'ono kuti madzi asabwerere. Mzere woyamba umakhala pansi kwambiri, masentimita 15 mpaka 30 pamwamba pa nthaka ya kutsogolo, chifukwa madzi onse a m'munsi mwa mzerewu alibe kotulukira. Chibowo choikidwa pa theka la khoma chimasiya mita yathunthu ya madzi kuseri. Khoma likakhala lalitali amaika mzere wachiwiri, zibowo zake zikugwera pakati pa za m'munsi. Pa khoma la njerwa lalifupi, ena amangosiya mipata yoimirira ya mzere wa m'munsi yopanda simenti.

Komatu chibowo pachokha ndi theka la ntchito, ndipo theka losaonekalo ndi lomwe limabedwa kawirikawiri. Paipi yomwe kumbuyo kwake kwagunda katondo imangokoka madzi a pafupi ndi kamwa lake, kenako imatsekeka ndi matope. Pamafunika mzere wa kwale woyera, wopanda fumbi, wochindikala masentimita 30, wotsamira khoma kuchokera pa maziko mpaka chakumtunda. Madzi akafika pa kwaleyo amagwera pansi msanga n'kupeza zibowo. Pakati pa kwale ndi dothi pamaikidwa nsalu yosefa, yomwe mainjiniya amati jiyotekisitailo, yolola madzi kudutsa n'kutsekereza matope. Ikasowa, mzere wa mchenga wakumtsinje wokhakhala umagwira ntchito yomweyo. Pepala lapulasitiki lakuda siliyenera kulowa m'malo mwa nsaluyi, chifukwa limatsekera madzi mbali yolakwika. Zigumugumu za njerwa ndi zinyalala za pamalo omangira, zomwe amisiri amakonda kukwirira kuseri kwa khoma pofuna kuyeretsa bwalo, zimafumbutuka n'kutseka mipata.

Pa makoma akuluakulu amawonjezera paipi yobowolabowola ya mamilimita 100, yogonekedwa m'kwale motsata phazi la khoma, yotsika sentimita imodzi pa mita iliyonse mpaka kukatulukira mu ngalande. Paipi imeneyi imachotsa ngakhale madzi omwe zibowo sizingawafikire, ndiponso imathetsa mkangano wodziwika bwino m'makwalala otsetsereka: wa kumunsi kudandaula kuti zibowo zikulavulira madzi pakhonde pake, mpaka kufika pozitseka ndi simenti. Wotseka zibowoyo ndi yemwenso khomalo lidzamugwere.

Pamwamba penipeni kwale sayenera kuonekera. Masentimita 30 omaliza amatsekedwa ndi dothi lomata lotsenderedwa bwino kapena konkire, motsetserekera kutali ndi khoma, ndipo kangalande kamakumbidwa kumtunda kuti madzi othamanga apatuke asanafike. Madzi a padenga ndi ofunika kuwaganizira mwapadera. Denga la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi limatsitsa malita 5,000 pa mvula ya mamilimita 50, ndipo mvula yotere si yachilendo ku Blantyre. Malata akamathira madzi amenewa kuseri kwa khoma, kapena dzenje lomwetsa madzi a kubafa likakumbidwa pomwepo, zibowo sizingakwanitse.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Ku Machu Picchu, mzinda womwe Ainka anamanga pamwamba pa mapiri a ku Peru cha m'ma 1450, mvula imafika pafupifupi mamilimita 2,000 pachaka, koma makoma a minda yawo yamasitepe akadali chilili. Ofukula anapeza kuti kuseri kwa makomawo kuli miyala ikuluikulu pansi, timiyala ndi mchenga pakati, ndipo dothi lolimapo lili pamwamba pokha. Injiniya wa zamadzi Kenneth Wright ndi anzake anawerenga zibowo zotulutsira madzi pafupifupi 130 m'makoma a mzindawo. Makoma a miyala yosanja popanda dothi lomatira, ngati a m'mapiri a Nyanga ku Zimbabwe, amatulutsa madzi pa mpata uliwonse. Mabasiketi a waya odzaza miyala omwe amaoneka m'misewu ya m'mapiri ndi m'mbali mwa milatho amatsata mfundo yomweyo, ndipo ali ndi ubwino wina: nthaka ikatitimira amapindika osasweka. Mdani wawo ndi dzimbiri ndi anthu odula waya.

Zina zomwe zimagwetsa khoma

Ngakhale madzi atapeza njira, khoma limagonja likasenzetsedwa katundu yemwe sanali m'masamu. Thanki ya malita 5,000 ndi matani asanu. Lole yamchenga yoima m'mphepete, mulu wa njerwa, kapena maziko a nyumba ya anyamata omangidwa mogundana ndi khoma, zonsezi zimapsinja dothi ndipo dothi limapatsira khoma. Kutsogolo nakonso kuli ngozi: wa kumunsi akakumba ngalande ya paipi motsata phazi la khoma, kapena akasema pang'ono kuti bwalo lake likule, amachotsa dothi lomwe limaletsa maziko kutsetsereka.

Pa khoma la konkire wazitsulo, lomwe phazi lake limalowa kunsi kwa dothi kuti kulemera kwa dothilo kulithandize kuima, zitsulo zikuluzikulu ziyenera kukhala mbali ya kudothi, chifukwa ndi mbali yomwe imakokeka khoma likamapindika. Mmisiri akaziika mbali ya kunja, zitsulozo zagulidwa pachabe. Khoma lopitirira mita imodzi ndi pang'ono, kapena lililonse lomwe pamwamba kapena pansi pake pali nyumba, n'lofunika injiniya, ndipo malamulo a zomangamanga m'mayiko ambiri amaika malire pa mamita 1.2.

Pali malire enanso omwe khoma la pa puloti silingawadumphe. Nthawi zina chomwe chikuyenda si dothi la kuseri kwa khoma lokha koma mtunda wonse, ndipo mng'alu wake umadutsa kunsi kwa maziko n'kunyamula khoma lonse lili lathunthu. Matope ndi miyala zomwe zinatsika m'phiri la Soche kupita ku Chilobwe ndi Manja pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 zinali za mtundu woposa apa, ndipo palibe zibowo kapena kwale zomwe zikanaziimitsa. Kumeneko funso ndi la malo oyenera kumangapo, osati la kamangidwe ka khoma.

Kuwerenga khoma lomwe laima kale

Khoma siligwa mosachenjeza kawirikawiri, monga anthu a ku Baltimore aja anaonera. Chizindikiro choyamba nthawi zambiri sichikhala pakhoma koma panthaka ya pamwamba: mng'alu woyenda motsata khoma, kapena bwalo lomwe latitimira m'mphepete. Pakhoma penipeni, mng'alu wopingasa cham'munsi umasonyeza kupindika, pamene mng'alu woimirira kapena wokwera ngati masitepe umasonyeza kuti chigawo china chasuntha kusiya chinzake. Khoma lomwe likutsetsereka limatha kuoneka loongoka bwinobwino, koma nthaka ya patsogolo pa phazi lake imatukumuka ndipo ngalande ya simenti yomwe ili pomwepo imafinyika n'kusweka. Zoyera ngati mchere ndi ndere zobiriwira zimaulula kuti madzi akudutsa m'thupi la khoma chifukwa asowa njira ina.

Zibowo nazo zimayankhula, ndipo nthawi yozifunsa ndi mvula yamphamvu itangosiya. Zikamatulutsa madzi oyera, zinthu zili bwino. Zikamatulutsa madzi ofiira, kuseri kulibe chosefa, dothi likukokoloka ndipo mphanga ikukula pomwe maso sakuona. Zikakhala zouma pamene khoma lonse lanyowa, zatsekeka, kaya ndi matope, mizu, zisa za mavu, kapena pulasitala wa mmisiri yemwe anaziona ngati chilema. Kuzitokosa ndi chitsulo mu Okutobala, mvula isanayambe, ndi ntchito ya ola limodzi.

Pofuna kudziwa ngati khoma likuyendabe, chingwe chomangirira mwala chimakwanira. Chimapachikidwa pa msomali kunsonga kwa khoma, ndipo mpata wa pakati pa chingwe ndi phazi la khoma umayezedwa n'kulembedwa pamodzi ndi tsiku. Mpatawo ukamakula mwezi ndi mwezi, khoma likugubuduka. Ukamakula tsiku ndi tsiku m'nyengo ya mvula, anthu ogona m'chipinda choyandikana nalo ayenera kusamuka usiku womwewo, ndipo ana asasewerenso pansi pake.

Khoma lomwe likadali loongoka koma lilibe zibowo likhoza kubowoledwa m'chilimwe, ndipo ngati n'kotheka kuseri kwake kumafukulidwa pang'onopang'ono, mita imodzi kapena awiri pa nthawi, n'kuthiramo kwale. Lomwe lapendekeka kale silibwerera. Kumata ming'alu ndi simenti kumangobisa umboni ndi kutsekanso pomwe madzi ankatulukira, ndipo nsanamira za njerwa zomangidwa kutsogolo popanda maziko akeake zimangoyenda nalo limodzi. Chomwe chimathandiza msanga ndi kulipeputsira katundu: kupatutsa madzi a padenga, kuchotsa thanki kapena mulu wa njerwa, ndi kuchepetsa dothi la pamwamba, wofukulayo ataima kumtunda osati kunsi. Kuchotsa theka la mita pa dothi la mamita 2 kumachepetsa kukankha ndi pafupifupi theka, ndipo kufuna kugubuduza kumatsika kuchoka pa 800 kufika pa 340, zomwe zimapereka mpata wodikira chilimwe kuti khomalo ligumulidwe n'kumangidwanso.